Kodi mwezi umadyedwa ndi chiyani kuti uzisintha maonekedwe?

Mayi wa ku Bangula: Ndakupatsani moni nonse a pa gulu lino. Dzulo madzulo tinali pabwalo chifukwa m'nyumba simunali mokhalika ndi kutentha, ndipo mwana wanga wa Sitandade 7 anandifunsa chifukwa chimene mwezi unkaonekera ngati kachikwakwa pamene masabata awiri ndi theka apitawo unali wathunthu. Ine ndinamuyankha zimene ndakhala ndikukhulupirira kuyambira ndili mtsikana, zoti mthunzi wa dziko lathu ndi umene umaphimba mbali ina ya mwezi, ndipo umanka nuchoka pang'onopang'ono mpaka mwezi wonse utaoneka. Mwanayo anati aphunzitsi ake anakana zimenezi m'kalasi, koma iye analephera kundifotokozera zimene anauzidwa. Ndikupempha amene akudziwa andithandize, chifukwa sindikufuna kumuphunzitsa mwana zolakwika.

Bambo wa sitolo ku Nchalo: Mayi, ine ndikuona kuti munayankha bwino ndithu. Mwezi ulibe kuwala kwakekwake, umangobweza kuwala kwa dzuwa monga momwe lata la padenga limachitira masana. Tsono ngati mbali ina yada, ndiye kuti pali chinthu chimene chatchinga dzuwa, ndipo chinthu chachikulu chimene chili pafupi ndi mwezi ndi dziko lathu lomweli. Mwina mwanayo sanamve bwino m'kalasi.

Mphunzitsi wopuma wa ku Ngabu: Achimwene a ku Nchalo, theka la zimene mwanenazo ndi zoona, chifukwa mwezi umawaladi ndi kuwala kwa dzuwa. Koma pa nkhani ya mthunzi wa dziko, aphunzitsi a mwanayo ndi amene akulondola, ndipo umboni wake Mayi anali nawo pamaso pawo dzulo lomwelo. Mthunzi wa chinthu chilichonse umagwera kumbali yotalikirana ndi dzuwa. Mukaima pamsewu dzuwa likulowa, mthunzi wanu umaloza kum'mawa, ndipo mthunzi wa dziko lonse nawonso umaloza komweko. Nanga kachikwakwa kaja kanali kuti? Kanali kumadzulo, pamwamba pang'ono pa malo amene dzuwa linali litangolowa kumene. Mwezi umene uli kumadzulo pafupi ndi dzuwa sungaphimbidwe ndi mthunzi umene uli kum'mawa.

Chimene chimachitika ndi ichi. Mwezi ndi wobulungira ngati lalanje, ndipo dzuwa limauwalitsa mbali imodzi yokha, ija imene yayang'ana kwa ilo. Theka la mwezi limakhala pa kuwala nthawi zonse ndipo theka linalo limakhala mumdima, monga momwe kuno kukakhala masana kwina kumakhala usiku. Mdima umene timauona pa mwezi ndi usiku wa pamwezi pomwepo, palibe chimene chauphimba. Chimene chimasintha ndi malo amene mwezi uli pamene ukuzungulira dziko, ndipo malowo ndi amene amachititsa kuti ife tione gawo lalikulu kapena laling'ono la theka lowalalo. Mwezi ukakhala mbali imodzi ndi dzuwa, nkhope yake yowala imayang'ana kutali ndi ife, ndiye timati mwezi uli kumdima. Ukakhala mbali ina, dziko lili pakati, nkhope yowalayo imatiyang'ana yonse.

Mayi wa ku Bangula: Zikomo Aphunzitsi. Za mthunzi woloza kum'mawa ndazimva, ndipo ndikuvomereza kuti sindinaganizepo za malo amene kachikwakwako kamakhala. Koma m'mutu mwanga sizikulowa bwino kuti chinthu chobulungira chimene chawala theka chingaoneke ngati chikwakwa. Ndikanamva chikanakhala kuti chimaoneka theka nthawi zonse.

Mphunzitsi wopuma wa ku Ngabu: Zimenezi mawu okha sangazikwanitse, Mayi, koma pali njira imene ndinkagwiritsa ntchito ndi ana, ndipo siifuna tochi kapena chipinda chamdima. Pakadutsa masiku anayi kapena asanu kuchokera lero, mwezi udzayamba kuoneka masana, cha m'ma 3 kapena 4 koloko, dzuwa lidakali kumwamba. Mudzatenge lalanje, kapena chipatso chilichonse chobulungira, mudzaime padzuwa, ndipo mudzalikweze ndi dzanja mpaka lifike pafupi ndi pamene mukuona mwezi. Mukadzayang'ana lalanjelo mudzapeza kuti lawala mbali yomweyo imene mwezi wawala, ndipo malire a kuwala ndi mdima pa lalanjelo adzakhala ofanana ndi a pamwezi. Chifukwa chake n'chakuti dzuwa lili kutali kwambiri, moti kuwala kwake kumafika pa lalanje lanu ndi pa mwezi kuchokera mbali imodzi.

Mukatero, mudzasunthe lalanjelo pang'onopang'ono kulowera kumene kuli dzuwa, koma osayang'ana dzuwalo ndi maso. Mudzaona gawo lowala likuchepa mpaka latsala kamzere kokhota m'mphepete, chifukwa tsopano mukuyang'ana kwambiri kumsana kwa lalanje kumene dzuwa silikufika. Chimenecho ndiye chikwakwa chija. Mukatembenuka n'kulifulatira dzuwa, lalanje lidzawala nkhope yonse, bola mulikweze pamwamba kuti mutu wanu usalitchinge. Cholakwika chimene ana ambiri ankachita chinali kuimira pamthunzi wa mtengo kapena pafupi ndi khoma loyera, limene limabwezera kuwala kumbali yamdima ya lalanje, moti malire aja saoneka bwino.

Bambo wa sitolo ku Nchalo: Aphunzitsi, pamenepo mwandipatsa mfundo ine. Mwanena nokha kuti mukalifulatira dzuwa mutu umatha kutchinga lalanje. Ngati mutuwo ndi dziko, ndiye kuti mwezi uliwonse, pa nthawi imene mukuti mwezi ndi wathunthu, dziko liyenera kuutchinga. Nanga bwanji timauona uli mbee usiku wonse?

Mphunzitsi wopuma wa ku Ngabu: Funso limeneli ndi labwino kwambiri, ndipo yankho lake ndi limene limasiyanitsa kusintha kwa mwezi ndi kadamsana. Njira imene mwezi umayenda pozungulira dziko ndi yopendekeka ndi madigiri pafupifupi 5 poyerekeza ndi njira imene dziko limayenda pozungulira dzuwa. Madigiri 5 akuoneka ochepa, koma mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, ndipo pa mtunda wotere kupendekeka kochepako kumakwanira kuti mwezi wathunthu udutse pamwamba kapena pansi pa mthunzi wa dziko. Ndi mwa apo ndi apo pamene umalowa mumthunziwo, ndipo pamenepo ndiye timati kwachitika kadamsana wa mwezi. Ambiri a inu mukukumbukira usiku wa pa 27 Julayi 2018, pamene mwezi unafiira ngati njerwa yootcha. Usiku umenewo mthunzi wa dziko unaphimbadi mwezi, koma zonse zinayamba ndi kutha usiku umodzi womwewo, pa maola ochepa, pamene kusintha kumene Mayi akufunsa kumatenga masabata.

Palinso chizindikiro china chimene mungadzionere nokha. Mthunzi wa dziko ndi wozungulira, choncho ukamalowa pa mwezi umaoneka ngati wina waluma chitumbuwa. Koma mwezi ukafika theka, malire ake amakhala mzere woongoka ngati wodula ndi mpeni, ndipo masiku otsatira mbali yowala imatukumuka kulowa kumdima. Mthunzi wa chinthu chobulungira sungapange mzere woongoka wotero.

Bambo wa sitolo ku Nchalo: Za mzere woongokazo ndilibe poyankha. Koma lalanjelo ndikaliyesa ndekha pakhomo pa sitolo ndisanavomereze zonse.

Mnyamata wa ku Nsanje boma: Pepani akuluakulu, mwina ndalowa mochedwa. Ngati nkhani ndi ya kusintha kwa mwezi, ine chimandizunguza ndi chakuti Febuluwale ali ndi masiku 28 pamene Malichi ali ndi 31. Kodi ndiye kuti mwezi wakumwambawo umathamanga kwambiri mu Febuluwale?

Shehe wa ku Chikwawa: Mwana wanga, pamenepo mwasakaniza zinthu ziwiri zimene m'Chichewa zili ndi dzina limodzi. Miyezi ya pa kalendala ya pakhoma inagawidwa ndi anthu kuti ikwane m'chaka cha dzuwa, ndipo siyenderana ndi mwezi wakumwamba. N'chifukwa chake mwezi wathunthu umatha kugwa pa 3 kapena pa 20 kapena tsiku lina lililonse. Ife amene timawerenga masiku a kusala kudya potsata mwezi weniweniwo timadziwa kuti kuchokera pa kuoneka kwa mwezi kufika pa kuoneka kwina pamadutsa masiku 29 kapena 30, osapitirira apo. Miyezi 12 yotere imakwana masiku 354, ndipo n'chifukwa chake Ramadani imabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, moti amene takula tinasalapo m'nyengo yozizira ya Juni komanso m'kutentha kwa Okutobala. Koma Aphunzitsi, mdzukulu wanga anandionetsa m'buku lake kuti mwezi umazungulira dziko pa masiku 27, ndipo ine ndinamuuza kuti bukulo lalakwitsa, chifukwa sindinaonepo mwezi wa masiku 27.

Mphunzitsi wopuma wa ku Ngabu: A Shehe, inu mukulondola ndipo bukulo nalonso likulondola, kungoti mukuyeza zinthu ziwiri zosiyana. Mukaika chizindikiro pa nyenyezi imodzi imene ili pafupi ndi mwezi usiku uno, mwezi udzabwereranso pa nyenyezi imeneyo pakatha masiku 27 ndi maola pafupifupi 8. Kumeneko ndiye kuzungulira dziko kamodzi. Koma maonekedwe a mwezi sadalira nyenyezi, amadalira pamene mwezi uli poyerekeza ndi dzuwa. Pa masiku 27 amenewo dziko silinangokhala, layenda ulendo wake wozungulira dzuwa, pafupifupi digiri imodzi patsiku, choncho dzuwa limaoneka kuti lasuntha madigiri pafupifupi 27. Mwezi umafunika masiku ena awiri ndi maola angapo kuti ulipezenso. Zili ngati munthu amene akuthamangira ngolo ya ng'ombe imene ikuyenda: akafika pamene ngoloyo inali, amapeza kuti yapita patsogolo. Zonse pamodzi zimakwana masiku 29, maola 12 ndi mphindi 44, ndipo theka la tsikulo ndi limene limachititsa kuti miyezi yanu izikhala ina ya masiku 29, ina ya 30.

Msodzi wa ku dambo la Ndindi: Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mwezi ndimauona kuposa ambiri a inu chifukwa ndimagona pamadzi. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwezi ukangooneka kumene umalowa msanga, tisanamalize n'kutchera komwe maukonde. Pakatha sabata umatiperekeza mpaka pakati pa usiku. Ukakhala wathunthu umatuluka kutsidya la ku Mozambiki dzuwa likamalowa, ndipo umalowa mbandakucha. Ukayamba kutha umachedwa kutuluka, moti timapalasa bwato mumdima n'kumaudikira. Kodi zimenezi zikugwirizana ndi za lalanjezo, kapena ndi nkhani ina?

Mphunzitsi wopuma wa ku Ngabu: Achimwene, zimene mwalembazi ndi nkhani yomweyo, ndipo mwaifotokoza mwadongosolo kuposa mmene mabuku ambiri amachitira. Tsiku lililonse mwezi umatalikira dzuwa ndi madigiri pafupifupi 12 kulowera kum'mawa. Mukatambasula mkono wonse n'kukunga chibakera, chibakeracho chimaphimba madigiri pafupifupi 10 a thambo, choncho tinganene kuti mwezi umasuntha chibakera chimodzi ndi pang'ono patsiku. Thambo lonse limaoneka kuti likuyenda madigiri 15 pa ola, ndipo madigiri 12 aja akufanana ndi mphindi pafupifupi 50. Kumeneko ndiye kuchedwa kumene mumakuona tsiku ndi tsiku, ngakhale kuti masiku ena kumachepera apo ndipo ena kumapitirira.

Tiyeni titenge mwezi wa Mayi wa dzulo uja. Tiyerekeze kuti unali wa masiku atatu chichokereni kumdima. Masiku atatu kuchulukitsa ndi 12 ndi madigiri 36, kutanthauza zibakera zitatu ndi theka kuchokera pamene dzuwa likulowa. Madigiri 36 kugawa ndi 15 akutipatsa maola awiri ndi mphindi pafupifupi 25, choncho ngati dzuwa linalowa cha m'ma 6 koloko, mweziwo unalowa isanakwane hafu pasiti 8. Pa mtunda umenewu kuchokera ku dzuwa, gawo lowala limene timaliona ndi limodzi mwa magawo khumi a nkhope ya mwezi. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri kapena lachisanu ndi chitatu mwezi udzakhala utafika madigiri 90, udzakhala pamwamba dzuwa likamalowa, udzaoneka theka, ndipo udzalowa pakati pa usiku monga mwaneneramo. Pa tsiku la 15 udzakhala moyang'anizana ndi dzuwa, lina likulowa wina akutuluka. Pa tsiku la 22 udzakhalanso theka, koma udzatuluka pakati pa usiku ndipo mudzauona m'mawa dzuwa litatuluka kale.

Amene akufuna kuyesa zimenezi akumbukire mapiri athu. Kwa a Shehe ku Chikwawa, mapiri a Thyolo amabisa mwezi wotuluka kwa kanthawi, ndipo ku Nsanje mapiri a kumadzulo amameza kachikwakwa katsopano nthawi yake yolowa isanakwane. Fumbi ndi utsi wa m'chilimwe nazonso zimabisa mwezi wa tsiku loyamba, umene ndi wopyapyala kwambiri ndipo uli pafupi ndi dzuwa.

Shehe wa ku Chikwawa: Za fumbizo ndi zoona, ndipo ndi zimene zimachititsa kuti a kwina auone mwezi ife tisanauone.

Agogo a ku Makhanga: Ana anga, ndawerengeredwa zonsezi ndi mdzukulu wanga, ndipo ndamuuza kuti andilembere. Ife tinakula tikuuzidwa kuti mwezi uli ndi akazi awiri. Nyenyezi yowala ya kumadzulo ndi mkazi wodziwa kuphika, ndipo mwezi ukakhala kwa iye umanenepa. Nthanda ya m'mawa ndi mkazi woumira, ndipo mwezi ukapita kwa iye umaonda mpaka kufa. Tinkauzidwanso kuti mwezi watsopano ukakhala chagada ngati mbale ndiye kuti wasunga madzi ndipo mvula kulibe, koma ukapendekeka ndiye kuti ukukhuthula. Kodi Aphunzitsi mukuti makolo athu ankanama?

Mphunzitsi wopuma wa ku Ngabu: Agogo, sindinganene choncho, chifukwa amene anapeka nkhani ya akazi awiriwo anali atayang'anitsitsa kumwamba. Mwezi umene ukukula umayambadi kuoneka kumadzulo dzuwa litangolowa, ndipo mwezi umene ukutha umaoneka komaliza kum'mawa kusanache. Mpaka lero imeneyi ndi njira yosalephera yodziwira ngati kachikwakwa kakukula kapena kakutha: ka madzulo kakukula, ka mbandakucha kakutha. Chimene ndingawonjezere n'chakuti akazi awiriwo ndi mmodzi, pulaneti ya Venasi, imene miyezi ina imaoneka madzulo ndipo miyezi ina m'mawa, ndipo mwezi umakula ndi kutha ngakhale pa nthawi imene Venasi sakuoneka.

Za mbale ija, mbali yowala ya mwezi imaloza kumene kuli dzuwa nthawi zonse. Mwezi ukakhala pamwamba penipeni pa malo amene dzuwa lalowera, kuwala kumachokera pansi ndipo umaoneka ngati mbale. Ukakhala chapambali, mbaleyo imapendekeka. Kuno kwathu mwezi watsopano umakhala chagada kwambiri cha mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, imene ndi miyezi yopanda mvula, ndipo umapendekeka kwambiri cha mu Febuluwale ndi Malichi, mvula ili mkati. Choncho zimene makolo anaona zimagwirizana ndi nyengo. Koma kupendekekako kumabwera pa nthawi yake chaka chilichonse, kaya ndi chaka cha chilala kaya ndi cha madzi osefukira, ndiye sikungatiuze ngati mvula ya chaka chino idzakhala yabwino.

Agogo a ku Makhanga: Mwayankha mwaulemu, mwana wanga, koma ine ndakhala ndikuuyang'ana mwezi zaka zambiri ndipo sunandinamizepo kawirikawiri. Za mkazi mmodziyo ndamva, za mbaleyo ndisiyireni.

Mayi wa ku Bangula: Aphunzitsi, mwana wabwera ndi buku lake ndipo tapeza china. Chithunzi cha m'bukumo chikuonetsa mwezi umene ukukula utawala kudzanja lamanja, koma wa dzulo uja unawala pansi, chakumanzere pang'ono. Komanso mwanayo akuti ankaona mbali yamdima ija ikuoneka mwachizimezime, ngati mwezi wonse unalipo.

Mphunzitsi wopuma wa ku Ngabu: Mwanayo ali ndi maso abwino. Zithunzi zambiri za m'mabuku zimajambulidwa monga mmene mwezi umaonekera ku maiko a kumpoto kwenikweni, monga ku Ulaya. Ife tili kumwera kwa ikweta, pa madigiri pafupifupi 16, choncho timauona utatembenuka. Mumuuze asaloweze za manja ndi manzere, angofufuza kumene kuli dzuwa. Za kuwala kwachizimezimeko, kumeneko ndi kuwala kwa dziko lathu. Pa nthawi imene ife tikuona kachikwakwa, munthu woima pa mwezi angaone dziko lathu litawala pafupifupi lonse, ndipo kuwala kumene mitambo ndi nyanja zimabweza kumakafika pa mbali ya usiku ya mwezi n'kubwereranso m'maso mwathu. Mwezi ukamakula kuwalako kumazilala, ndipo ukafika theka kumakhala kovuta kukuona.

Msodzi wa ku dambo la Ndindi: Za nthawi yotuluka ndi kulowa ndakhutira nazo. Koma palibe amene wandiuza chifukwa chimene maukonde anga amakola bwino mwezi ukakhala kumdima kusiyana ndi pamene uli wathunthu. Anzanga ena amati nsomba zimaona ukonde pakakhala kuwala, ena amati mwezi umakoka madzi ndipo nsomba zimasamuka.

Mphunzitsi wopuma wa ku Ngabu: Za kukoka madzi zimachitikadi kunyanja yamchere, monga ku Beira, kumene madzi amakwera ndi kutsika kwambiri mwezi ukakhala wathunthu komanso ukakhala kumdima. Koma madzi a mu Shire ndi a m'dambo lanu amakwera chifukwa cha mvula ndi madzi ochokera kumtunda. Ine ndingatsamire ku maganizo a kuwala, ngakhale kuti pa nkhani ya nsomba inu ndinu aphunzitsi anga. Pali njira yoyesera imene inuyo muli nayo pafupi: pa masiku a mwezi wathunthu, yerekezani usiku wa mitambo yambiri ndi usiku wopanda mitambo. Mwezi udzakhala pafupifupi pa malo omwewo usiku wonse uwiriwo, chosiyana chidzakhala kuwala kokha.

Msodzi wa ku dambo la Ndindi: Mitambo yotero kuno siibwera mpaka Disembala, ndipo ikabwera madzi amakhala atadetsedwa ndi matope, moti nsomba sizingaone ukonde ngakhale mwezi utawala bwanji. Ndidzayesa pa masiku a chiperoni, ngati adzagwe mwezi uli wathunthu.

Bambo wa sitolo ku Nchalo: Aphunzitsi, malalanje atha pamsika. Kodi chipatso cha mlambe chingagwire ntchito, pokhala kuti si chobulungira bwinobwino?

Mphunzitsi wopuma wa ku Ngabu: Chingagwire, bola musankhe chachifupi ndi chonenepa, koma dzira lophika kapena mpira wa ana woyera ndi zabwino kuposa pamenepo, chifukwa pa chinthu choyera malire a kuwala ndi mdima amaoneka bwino. Muyese Loweruka cha m'ma 4 koloko, mwezi udzakhala utakwera chakum'mawa kwa pamutu panu.